Momwe mungapezere pamene mtengo udzakhazikike pa msika wa mpikisano wathunthu

Msika wa mpikisano wathunthu ndi umene uli ndi ogulitsa ambiri a katundu wofanana ndendende, moti palibe amene angakweze kapena kutsitsa mtengo payekha, ndipo aliyense ali ndi ufulu wolowamo kapena kutulukamo. Akatswiri a zachuma, potsatira Alfred Marshall amene anafotokoza nkhaniyi mu 1890, amasiyanitsa nthawi yochepa, pamene chiwerengero cha makampani sichisintha, ndi nthawi yaitali, pamene atsopano apeza mpata woyamba ntchito. Tiyeni tiwerengere limodzi pogwiritsa ntchito manambala ongoyerekeza a makampani opanga misomali.

Choyamba, lembani ndalama zonse zolowa pa ntchito yopanga katunduyo, kuphatikizapo zimene sizituluka m'thumba. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Tinene kuti kampani iliyonse imalipira 60 pa mwezi ya lendi ndi makina, komanso mwini wake akanapeza 40 akanalembedwa ntchito kwina ndi kusungitsa mpamba wake kubanki kuti uzibala chiwongoladzanja. Wowerengera ndalama za kampani salemba 40 imeneyi m'mabuku, koma katswiri wa zachuma amaiwerengera, pakuti mwiniyo waitaya posankha misomali. Zolowa zosasintha ndi 100, ndipo zotsalazo zimakwera ndi chiwerengero cha mabokosi opangidwa, q:

```
TC = 100 + q²
MC = 2q
AC = 100/q + q
```

TC ndi zolowa zonse, MC ndi zolowa popanga bokosi limodzi lowonjezera, ndipo AC ndi zolowa zonse titazigawa pa bokosi lililonse.

Kachiwiri, pezani zimene kampani imodzi ikuchita pa mtengo wa lero. Tiyerekeze kuti pali makampani 100 ndipo ogula onse pamodzi amafuna mabokosi okwana Q motere:

```
Q = 3000 − 50P
```

Kampani imawonjezera mabokosi mpaka MC itafanana ndi mtengo, P. Mtengo ukakhala 30, iliyonse imapanga 15, onse pamodzi 1,500, amene ndi omwewo ogula akufuna pa mtengo umenewu. Kampani yagulitsa ndalama zokwana 450, zolowa ndi 325, ndipo 125 yatsala. Kumbukirani kuti 125 imeneyi yabwera pamwamba pa zimene mwiniyo akanapeza kwina, ndipo imeneyi ndiyo phindu la zachuma.

Kachitatu, lolani ena alowe, chifukwa munthu wakunja akaona kuti misomali ikupatsa 125 kuposa ntchito imene ali nayo, alibe chifukwa chokhalira kunja. Makampani akafika 150, katundu amachuluka pamene ogula ali omwewo, ndipo mtengo umatsika kufika pa 24. Iliyonse tsopano ikupanga mabokosi 12, ikugulitsa 288, zolowa ndi 244, phindu ndi 44. Onani kuti palibe amene wafuna kutsitsa mtengo, ndipo kampani yatsopano imodzi siingausunthe kwenikweni. Wautsitsa ndi unyinji wawo. Popeza 44 ikadali yoposa ziro, khomo silinatsekeke.

Kuti mudziwe pamene kulowaku kudzathere, simufunika kuyesa chiwerengero chilichonse. Pezani pamene AC yatsikitsitsa, pomwenso ndi pamene imafanana ndi MC. Pa mabokosi 10, zonse ziwiri ndi 20, choncho mtengo wa nthawi yaitali ndi 20. Pamenepo ogula akufuna mabokosi 2,000, ndipo tikagawa ndi 10 tipeza makampani 200. Iliyonse ikugulitsa 200, zolowa ndi 200, phindu la zachuma ndi ziro. Makampani akapitirira 200, mtengo umagwa pansi pa 20, ena amaluza n'kutseka, ndipo mtengo umabwereranso.

Ophunzira ambiri akamva kuti phindu ndi ziro amaganiza kuti eni makampani akugwira ntchito yaulere, koma si choncho ayi. M'mabuku a kampani mukuonekabe phindu la 40, lofanana ndi zimene mwiniyo akanapeza kwina, n'chifukwa chake safuna kutuluka, ndipo wakunja safuna kulowa. Chinanso chimene ine ndimaona kuti chimaiwalika kawirikawiri n'chakuti kufuna kwa ogula sikunasankhe mtengo wa 20. Kwangosankha chiwerengero cha makampani.

Pomaliza, yesani ngati mfundo zimene mwayambira zikugwiradi. Ngati phindu lakhala zaka zambiri osatsika, fufuzani chotchinga olowa, monga chiphaso chovuta kupeza kapena lamulo loteteza amene anatulukira njira yopangira katunduyo. Ndipo ngati kuchuluka kwa makampani kukukweza mtengo wa chitsulo chopangira misomali, AC imakwera nayo, moti phindu lidzafikabe pa ziro, koma pa mtengo woposa 20.