Musanapite ndi mafunso m'midzi, abwezereni ku Chifalansa

Amene mukumasulira mafunso a kafukufuku kuchokera ku Chifalansa, chitani izi musanasindikize. Perekani Chichewa chanucho kwa womasulira wina amene sanaonepo Chifalansa choyambirira, achibwezere ku Chifalansa, kenako yerekezani ziwirizo funso ndi funso.

Ife ku Thyolo zinatipulumutsa. Funso lofuna kudziwa anthu odyera m'phika umodzi tinalilemba kuti "Pabanja panu mulipo angati?" Litabwerera, linkafunsa za achibale onse, ndi omwe ali ku Joni. Tinalikonza kuti "Pakhomo pano mumadyera limodzi anthu angati?"

Koma samalani, njirayi imagwira tanthauzo lokhota, osati Chichewa cholimba. Muwawerengerebe anthu angapo a m'mudzi mokweza, mumve pomwe akukakamira.