Kulembanso pakompyuta mayankho a wophunzira osakonza zolakwa zake

Pepala linali la mayeso a Chingerezi a Fomu 2, masamba 4, ndipo ochonga ankalephera kuwerenga kalembedwe ka mwanayo. Nditalitayipa mu Word n'kufananiza ndi pepala lake, ndinapeza kuti zolakwa zina zasowa. Iye analemba "recieve", koma pakompyuta panali "receive". Ziganizo zomwe anayamba ndi chilembo chaching'ono zinali zitayamba ndi chachikulu. Apa mwana akanapata malikisi osakhala ake.

Gwero lake linali AutoCorrect, yomwe imakonza mawu mukangodina mpata. Ndinapita ku File > Options > Proofing > AutoCorrect Options n'kuchotsa chizindikiro pa Replace text as you type ndi pa Capitalize first letter of sentences. Kenako ndinatayipanso kuyambira pachiyambi, chifukwa kuzimitsako sikubweza mawu omwe akonzedwa kale.

Diso nalonso limakonza lokha, makamaka la mphunzitsi wozolowera kuchonga. Choncho ndinkaphimba pepala ndi lula, n'kumakopera mzere umodzi umodzi, liwu lokayikitsa chilembo ndi chilembo. Pomwe anafufuta ndinatayipabe mawuwo n'kuwadula ndi Strikethrough. Pomwe sipankawerengeka ndinalemba [liwu limodzi silikuwerengeka], osalota. Funso 6 analidumpha, ndiye ndinalemba [sanayankhe] kuti ochonga asaganize kuti ndalisiya ndine.

Pomaliza mnzanga anagwira pepala la mwanayo, ine ndikuwerenga mokweza zomwe ndatayipa, kutchula mpumiro uliwonse. Tinapezabe malo awiri pomwe ndinawonjezera mpatuliro womwe iye sanaike. Pepala lenilenilo sitinalembepo kanthu, tinalimata pamodzi ndi lotayipalo popereka kwa ochonga.