Momwe mungapezere muzu wobwereza wa polinomiyo pogawa mobwerezabwereza

Mphwanga wina amene ndimamuthandiza masamu madzulo kuno ku Mangochi Boma anataya ola lathunthu akungoyesa manambala pa f(x) = x³ − 3x + 2 kuti aone ngati ili ndi muzu wobwereza. Zinandiwawa, chifukwa njira yosalira kulosera ilipo.

Njirayi ndi ya Yukilidi, yomwe timapezera HCF ya manambala. Tengani 48 ndi 18. Mukagawa 48 ndi 18 patsala 12, mukagawa 18 ndi 12 patsala 6, mukagawa 12 ndi 6 sipatsala kanthu. Chotsala chomaliza chisanafike ziro, 6, ndiye HCF. Mapolinomiyo nawonso timawagawa chomwecho, kungoti kugawa kulikonse kumaima pamene pawa ya chotsala yachepera pawa ya chogawira.

Nanga muzu wobwereza ukubwera pati? Ngati (x − a)² ili mkati mwa f, derivetivu yake, f′, imatsalabe ndi (x − a) mmodzi. Muzu ukakhala wosabwereza, f′ siikhala naye. Choncho funso ndi limodzi: kodi f ndi f′ zili ndi fakitala yofanana?

Yambani ndi derivetivu: f′(x) = 3x² − 3. Igaweni ndi 3 ikhale x² − 1. Kuchotsa nambala yochulukitsa zonse sikusintha mizu, kumangopeputsa ntchito.

Tsopano gawani f ndi x² − 1. Lembani f motere: x³ + 0x² − 3x + 2. Musanyoze 0x² ameneyu, amasunga mzere kuti manambala asalowe malo a anzawo. x³ kugawa ndi x² ndi x. Chulukitsani x ndi x² − 1, mupeza x³ − x. Pochotsera ndi pamene ambiri amagwa: −3x kuchotsa −x ndi −2x, osati −4x. Chotsala ndi −2x + 2, chomwe tikachigawa ndi −2 chisanduka x − 1.

Kenako chogawira chija chigawidwe ndi chotsalacho. x² − 1 kugawa ndi x − 1 ndi x + 1, osatsala kanthu. HCF ndi x − 1, ndiye kuti 1 ndi muzu wobwereza. Tsimikizani: (x − 1)²(x + 2) ikubweza x³ − 3x + 2 ndendende.

Mphwangayo ndinamusinthira 2 wakumapeto kukhala 1. Derivetivu sinasinthe, koma chotsala choyamba chinakhala −2x + 1, chachiwiri −3/4. Mukathera pa nambala yopanda x imene si ziro, HCF ndi 1, ndipo muzu wobwereza palibe.

Chonde mafulakishoni asiyeni momwe alili. Mukalemba 1/3 ngati 0.33 pa kakyuleta, chotsala chimene chimayenera kukhala ziro chituluka kanambala kakang'ono, inu n'kunena kuti muzu wobwereza palibe pamene ulipo.