Mizere iwiri yofanana msinkhu imene inandisokoneza

Nditayeza mankhwala ena pa mass spectrometer, makina oyezera kulemera kwa mamolekyu, mulabotale ya kuno ku Tete, ndinapeza mizere iwiri yofanana msinkhu pa m/z 108 ndi 110, manambala osonyeza kulemerako, ndipo ndinaganiza kuti botolo linali lodetsedwa, mwakuti ndinalitsuka katatu konse popanda kusintha kulikonse. Vuto linali m'mutu mwanga: bulomini ali ndi maisotopu awiri, kutanthauza mitundu iwiri ya maatomu ake olemera mosiyana, 79 ndi 81, opezeka pafupifupi mofanana, choncho mizere yonseyo inali ya molekyu imodzimodzi, bulomoetheni. Akanakhala kulorini, mzere wachiwiri ukanakhala gawo limodzi mwa magawo atatu a woyambawo, chifukwa isotopu ya 35 imachuluka katatu kuposa ya 37. Chinanditsimikizira ndi chidutswa cha pa 29, chimene chinalibe mnzake pa 31, kusonyeza kuti bulomini anali atathothoka.