Kalata yaukali yafika, abwana akufuna chidule: mmene mungalembere osataya dandaulo ndi limodzi lomwe

Ngati mumagwira ntchito mu ofesi, kaya ndinu kalaliki kaya sekilitale, tsiku lina abwana adzakupatsani kalata ya mapeji atatu yolemba pamanja nkunena kuti "tandiwerengereni iyi, mundiuze akufuna chani". Kalatayo mkati muli moto, munthu watukwana kampani yonse kuyambira mlonda mpaka eni ake. Ntchito yanu apa ndi yoti manijala aone madandaulo onse ndi mfundo zonse pa peji imodzi, zaukalizo zitachoka. Pamene anthu ambiri amaphonya mpoti pochotsa zotukwana amachotsera limodzi ndi dandaulo lomwe linabisala mkati mwa kutukwanako.

Tiyeni tigwiritse ntchito chitsanzo chongopeka koma cha mtundu umene aliyense wa kuno ku Mchinji akuudziwa nthawi yokolola. Kampani ina yogula mbewu ili ndi depoti pa boma, ndiye kalabu ya alimi ya cha ku Mkanda inagulitsako soya, zinthu sizinayende, atcheya alemba kalata pa 10 Juni. Mbali ina ya kalatayo ikuti:

"A Manijala, inu ndi anyamata anu ndinu mbava zotheratu, simuopa ndi Mulungu yemwe. Pa 14 Meyi tinabweretsa matumba 40 a soya, kwathu tinayeza lililonse 50kg, koma sikelo yanu yaufitiyo inati 1,880kg. Kamnyamata kanu kamwano kaja kanakana kuti tione nawo pa sikelo, kanachita kuwauza asungichuma athu, mayi aakulu oti nkukabereka, kuti akakhale uko sadziwa kuwerenga. Chikhala mavenda omwe amakapatsa ya fanta, amenewo ndiye amayezedwa kaye ife tili padzuwa chifikireni mmawa. Munati ndalama masiku atatu pa K1,200 pa kilo, bodza lenileni! Zinabwera pa 4 Juni, K1,500,000 yokha. Foni yanu ili ngati ya kumanda. Tipatseni K900,000 yathu pasanathe masiku 7, apo bii tikakumana ku CFTC ndipo a MBS abwere adzaione sikeloyo. Komanso matumba athu 40 opanda kanthu mudya?"

Poyamba werengani kalata yonse osagwira cholembera. Kuwerenga koyambaku nkongofuna kumva nkhani ndi kuti mtima wanu ukhale pansi, chifukwa olo kalatayo sikunena inu, mukamva anzanu akutchedwa mbava mumayamba kuikira kumbuyo osadziwa, ndipo chidule cholembedwa ndi mtima umenewo chimapendekeka. Kenako chitani fotokope, yeniyeniyo musailembelembe, idindeni deti yomwe yafika nkuisunga mu fayilo. Deti yofikirayi ndi yofunika ndithu, tibwereranso.

Pa fotokopeyo ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Yendani chiganizo ndi chiganizo, paliponse pomwe munthuyu akunena kuti chinachake chinalakwika ikani nambala mmbali. Musasankhe kuti ili ndi lalikulu ili ndi laling'ono, ingowerengani. Mu kalata ya atcheyayi anthu ambiri amapeza atatu: sikelo, kuchedwa kwa ndalama, ndi ndalama yotsala. Koma tawerengani bwino, alipo 8. Kulemera kwa soya kunasiyana ndi 120kg. Anakanizidwa kuona pa sikelo. Membala wawo ananyozedwa. Mavenda akuyezedwa kaye pamzere ndipo akuti pali kupatsana ndalama. Malipiro anachedwa. Malipiro sanakwane. Mafoni sakuyankhidwa. Matumba sanabwezedwe.

Taonani pomwe ena mwa madandaulowa anakhala. La mafoni lili mkati mwa mawu onyoza aja akuti foni ya kumanda, munthu wothamanga angodula chiganizo chonsecho poganiza kuti nchipongwe chabe. La matumba lili kumapeto kwenikweni atamaliza kale kuopseza, pomwe maso atopa. Ndipo lija la ya fanta, lomwe kwa manijala wanzeru ndi lalikulu kuposa onse poti likunena za katangale pa depoti yake, labwera ngati kungodutsa pakati pa kunyoza mnyamata uja. Ndiye musanafufute mawu aliwonse aukali dzifunseni kuti, kodi ndikachotsa ukaliwu pakutsala chinthu choti munthu angapite kukafufuza? "Simuopa ndi Mulungu yemwe" pakutsala zero, chotsani. "Sikelo yaufiti" pakutsala nkhani yoti akuikayikira sikeloyo, sungani nkhaniyo, ufitiwo utayeni. Zili ngati kupeta, mukakupiza lichero mwamphamvu kwambiri mbewu zimapita limodzi ndi mankhusu.

Pali mawu ena omveka aukali omwe simuyenera kuwakhudza. Zomwe akuti mnyamata uja anawauza mayi aja, zoti akakhale uko sadziwa kuwerenga, si ukali wa olemba kalata ayi, ndi umboni wa dandaulo lawo. Mukangolemba kuti "sanalandiridwe bwino" abwana sadziwa kuti amufunse chani mnyamatayo. Lembani mawuwo mmene alili. Chimodzimodzi kuopseza. Munthu akati apita ku CFTC, lija bungwe la Competition and Fair Trading Commission lomwe limalandira madandaulo a zamalonda osachitika mwachilungamo, kapena akaitana a Malawi Bureau of Standards omwe amayendera masikelo a malonda, imeneyo ndi mfundo, abwana akuyenera kuidziwa lero lomwe. Mungochotsa kamvekedwe ka "tikakumana", nkulemba kuti akuti akadandaula kumeneko. Ngati wina waopseza zovulaza munthu kapena kuotcha depoti, zimenezo ndiye musadikire nkomwe chidule, kawauzeni abwana pakamwa nthawi yomweyo.

Tsopano manambala. Deti, makilo, ndalama, nambala ya lisiti ngati ilipo, zonsezi kopelani ndendende, osati "pafupifupi 1 miliyoni" pomwe munthu walemba K900,000. Koma yesaninso masamu ake panokha chifukwa amaulula zambiri. Apa 1,880kg pa K1,200 ikupereka K2,256,000, kuchotsa K1,500,000 yomwe analandira kutsala K756,000. Nanga K900,000 ikuchokera kuti? Atcheya awerengera pa 2,000kg ya sikelo ya kwawo, yomwe ndi K2,400,000. Kusiyana kwake K144,000 ndi ya makilo 120 aja akukanganirana. Musawakonzere nambala yawo mu chidule ngati kuti analakwitsa, lembani yomwe iwo akufuna, kenako pansi penipeni muike mzere wanu wooneka kuti ndi wanu wofotokoza kusiyanako. Manijala akaona zimenezi adziwa kuti K756,000 palibe akuitsutsa, atha kulipira mawa, nkhani ya sikelo nkumaifufuza payokha.

Deti ija tinati tibwereranso: kalata inalembedwa pa 10 Juni ndipo apereka masiku 7, kutanthauza 17 Juni. Ngati yafika pa desiki yanu pa 13 Juni chifukwa inayenda ndi wa kabaza nkugona pa geti, kwatsala masiku 4 osati 7. Mu chidule lembani deti yeniyeni, mukangoti "masiku 7" abwana ayamba kuwerenga kuchokera tsiku lomwe awerenga pepala lanu.

Polemba, kamawu kakuti "akuti" ndi kofunika kwambiri. Inu simunalipo pa 14 Meyi. Mukalemba kuti "kalaliki wa pa sikelo amalandira ziphuphu" mwamuweruza mnzanu musanamumve ndipo pepalalo lili ndi dzina lanu. Mukalembanso kuti "akungoganiza kuti" kapena "akunamizira" mwaweruza alimi. "Akuti" basi, pa dandaulo lililonse. Chidule chake chituluke chonchi:

Kalata yochokera kwa wapampando wa kalabu ya alimi ya ku Mkanda, yolembedwa pa 10 Juni, yalandiridwa pa 13 Juni. Akufuna K900,000 ndi matumba awo 40 pofika pa 17 Juni, kupanda kutero akuti akadandaula ku CFTC ndi kupempha a MBS kuti adzayendere sikelo ya pa depoti. Nkhani ndi ya soya matumba 40 omwe anagulitsa pa 14 Meyi pa mtengo wa K1,200 pa kilo.
1. Akuti kwawo anayeza 2,000kg koma sikelo yathu inaonetsa 1,880kg, ndipo akuikayikira.
2. Akuti woyeza anawakaniza kuona pa sikelo.
3. Akuti woyezayo anauza msungichuma wawo, mayi wachikulire, kuti "akakhale uko sadziwa kuwerenga".
4. Akuti mavenda omwe amamupatsa ndalama woyezayo amayezedwa kaye, iwo anadikira kuyambira mmawa.
5. Akuti analonjezedwa malipiro mmasiku atatu koma analandira pa 4 Juni.
6. Akuti analandira K1,500,000 yokha.
7. Akuti mafoni awo sakuyankhidwa.
8. Akuti matumba awo 40 sanabwezedwe.
Ndemanga ya wolemba chidule: pa kulemera kwa sikelo yathu yotsala ndi K756,000, K900,000 ikuchokera pa 2,000kg. Dzina la woyeza sanalitchule. Kalatayo yalembedwa mokwiya kwambiri, yeniyeni ndaiphatikiza.

Mwaona kuti zomwe akufuna ndi deti yomaliza ndaziika pamwamba ngakhale mu kalata zinali kumapeto, chifukwa mabwana ambiri amawerenga mizere itatu yoyamba foni nkulira. Mwaonanso kamzere koti yalembedwa mokwiya. Kamenekako musakasiye, abwana asadzaimbe foni akuseka poganiza kuti ndi kasitomala wongofunsa, koma mzere umodzi ndi wokwanira, simukufunika kutchula kuti anatchedwa mbava.

Chomwe chimaononga zidule zambiri si kusadziwa kulemba, ndi kufewetsa. Kuchedwa kwa masabata oposa awiri kumasanduka "ndalama zinachedwerapo pang'ono", kunyozedwa kwa mayi aja kumasanduka "kusamvana", dandaulo nambala 4 limangosowa poti woyezayo mumadya naye nsima pa lanchi kapena ndi wa kumpingo kwanu. Zimakulanso dandaulo likamakhudza abwana enieniwo, mwachitsanzo foni yosayankhidwayo ikakhala yawo. Lembanibe mmene zilili, mawu akuti "akuti" aja amakutetezani, ndipo tsiku lomwe nkhaniyi idzafike kwina abwana nkupezeka kuti sanauzidwe za ya fanta, funso loyamba lidzakhala loti analemba chidule ndani.

Musanapereke, tengani fotokope ija ndi chidule chanu muziike pambali pa inzake. Manambala a mmbali anali 8, pa chidule alipo 8? Deti ndi ndalama iliyonse ikufanana? Kenako werengani chidulecho ngati ndinu atcheya a ku Mkanda, ngati pali pomwe angadumphe nkunena kuti "ine sindinatero" kapena "nanga za matumba zili kuti", konzani pamenepo. Madandaulo awiri ofanana, monga munthu akabwereza za foni katatu, mutha kuwaphatikiza kukhala limodzi, koma kuchedwa kwa ndalama ndi kuperewera kwa ndalama musaziphatikize, zimenezi amayankha ndi anthu osiyana ndipo chimodzi chikathetsedwa chinacho chimaiwalika.