Ndime zanga zikungofotokoza nthano

"Aphunzitsi abweza chimangirizo changa cha nthano ya Kalulu ndi Njovu, akuti ndime zake zikungofotokoza zochitika. Ndikonze bwanji?"

Choyamba, tengani cholembera mudule mzere kunsi kwa chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, ndipo mufunse kuti: kodi wina amene anamva nthanoyi angatsutse? "Kalulu ananamiza Njovu ndi Mvuu kuti azikokana chingwe" palibe angatsutse, chifukwa ndi zimene zinachitika basi.

Lembaninso chiganizocho kuti chinene maganizo anu: "Chimene chinagonjetsa Njovu ndi kunyada kwake, osati nzeru za Kalulu." Apa wina akhoza kukana, ndiye kuti muli ndi choti muteteze.

Kenako sankhani umboni umodzi wokha. Njovu inavomera mpikisano mosafunsa, poti inkaona kuti kanyama kotere sikangaikoke, ndipo sinapite kukaona amene wagwira nsonga ina ya chingwe. Umboniwo utenge chiganizo chimodzi kapena ziwiri, kumasulira kwanu kutenge zitatu. Ambiri amaphonya pamenepa: amaika umboni n'kuthamangira ndime ina, ngati kuti umboniwo udzilankhulira wokha.

Mukatero werengani mawu olumikizira. Mukapeza "kenako" ndi "pambuyo pake" paliponse, mukadali pa nthano. Ndime yoteteza mfundo imadzaza ndi "chifukwa", "komabe" ndi "n'chifukwa chake".

Pomaliza werengani ziganizo zoyamba zija zokhazokha motsatana. Zikatsata dongosolo la nthano m'malo mwa dongosolo la mfundo zanu, sinthani malo a ndimezo.