Kuyesa mauthenga awiri otsatsa malonda: sinthani chimodzi, dikirani tsiku lomwe munapangana

Amalonda ambiri akati ayesa mauthenga awiri otsatsa malonda pa intaneti, chimene amachita ndi ichi: amaika mauthenga onse awiri pamodzi, nkudikira masiku awiri, nkuzimitsa umene ukuoneka kuti ukutsalira. Kenako amauza anzawo kuti chithunzi chokhala ndi munthu chimagulitsa kuposa chithunzi cha katundu yekha. Mwina ndi zoona, koma kayesedwe kameneka sikangakuuzeni zimenezo. Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi chongoyerekeza ndipo tiyende nacho mpaka kumapeto.

Tiyerekeze kuti mumagulitsa zikwama za kusukulu ndipo mumatsatsa pa Facebook, cholinga chanu chili choti anthu akutumizireni uthenga wofunsa za chikwama. Muli ndi zithunzi ziwiri. Chithunzi A chikuonetsa chikwama chokha pa tebulo loyera, zipi yake yotsegula kuti matumba a mkati aoneke. Chithunzi B chikuonetsa chikwama chomwecho chili kumsana kwa mwana. Funso lanu ndi limodzi: pa ndalama zofanana, ndi chithunzi chiti chimene chibweretse mauthenga ambiri? Lembani funsoli papepala musanayambe, pamodzi ndi chimene mudzawerenge. Mukapanda kulemba, pamapeto mudzapeza kuti A wapambana pa anthu odina, B wapambana pa mauthenga, ndiye mudzangosankha nambala imene ikugwirizana ndi chithunzi chomwe munkachikonda kale.

Popeza mukuyesa chithunzi, zina zonse zikhale chimodzimodzi: mawu a pamwamba, mutu, batani, mtengo wolembedwa, gulu la anthu amene mukufuna kuwafikira, malo oonekera uthenga, bajeti, ndi ola loyambira. Pa munda wachionetsero, ngati mwasintha mbewu, feteleza ndi tsiku lobzala pa ndime imodzi, zokolola zikasiyana simungaloze chimene chachititsa. Apanso ndi momwemo. Mukaika chithunzi cha mwana nkuwonjezerapo mawu akuti tikubweretserani kwaulere, B akapambana simudzadziwa ngati ndi mwanayo kapena ndi mawu aulerewo, ndipo mwezi wamawa mudzalipira wojambula kuti ajambule ana ambiri pamene chinakoka anthu chinali china.

Palinso kusintha kumene kumalowa mwakachetechete. Kofala kwambiri ndi kuyerekeza uthenga wakale ndi watsopano. Wakalewo uli kale ndi ndemanga ndi zizindikiro za anthu oukonda pansi pake, watsopanowo ulibe kalikonse, choncho munthu akuona zinthu ziwiri zosiyana ngakhale mawu ali ofanana. Pangani onse awiri kukhala atsopano. Onaninso kukula kwa zithunzi: ngati chimodzi ndi choimirira ndipo china ndi chopingasa, pa foni chimodzi chidzaza sikirini yonse, chinacho chidulidwa.

Sindikunena kuti kuyerekeza mauthenga awiri osiyana kotheratu nkolakwika. Ngati mukungofuna kudziwa umene muugwiritse ntchito mwezi uno, yesani ndithu kanema ndi chithunzi, aliyense ndi mawu ake. Kungoti mudzadziwa wopambana, osadziwa chifukwa chake, ndiye musatengepo phunziro loti mukagwiritse ntchito pa katundu wina.

Tsopano kagawidwe ka anthu. Mukaika mauthenga awiri mu ad set imodzi, kutanthauza gulu la mauthenga opita kwa anthu amodzimodzi pa bajeti imodzi, pulogalamu ya Meta, kampani ya eni ake a Facebook, sigawa ndalama pakati ndi pakati. Imayang'ana umene wayamba bwino nkuukankhira ndalama zambiri, winayo nkutsala ndi zochepa. Mudzazindikira izi mukaona kuti uthenga umodzi wadya pafupifupi bajeti yonse pamene mnzake wangoonekera kwa anthu ochepa. Ntchito ya pulogalamuyo ndi kukupezerani zotsatira msanga, osati kuweruza mwachilungamo. Kupanga ma ad set awiri pamanja nakonso sikukwanira, chifukwa munthu mmodzi angathe kuona zithunzi zonse ziwiri. Gwiritsani ntchito A/B test ya mu Ads Manager, malo a Meta okonzera mauthenga otsatsa. Njira imeneyi imagawa anthu mwachisawawa m'magulu awiri osalowerana, gulu lililonse nkumaona chithunzi chimodzi chokha. Pa Google Ads, malo ake ndi Experiments.

Funso lovuta ndi lakuti muyese kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo liyenera kuyankhidwa musanadine batani loyambira. Yang'anani zotsatira za malonda anu akale. Tinene kuti mwa anthu 1,000 amene amaona uthenga wanu, 4 ndiwo amakulemberani. Kenako dzifunseni kuti kusiyana kumene kungakuchititseni kusintha chithunzi ndi kotani. Tinene kuti mukufuna kudziwa ngati chithunzi china chingafikitse pa 5 mwa 1,000. Odziwa za chiwerengero ali ndi lamulo lachidule lopezera anthu ofunika ku mbali iliyonse:

```
n = 16 × p × (1 − p) ÷ d²
n = 16 × 0.004 × 0.996 ÷ 0.001² = 63,744
```

Apa n ndi anthu ofunika, p ndi mlingo wanu wa tsopano, 4 mwa 1,000 kapena 0.004, d ndi kusiyana kumene mukufuna kukugwira, 1 mwa 1,000 kapena 0.001. Ndiye kuti chithunzi chilichonse chiyenera kufika kwa anthu pafupifupi 64,000, kutanthauza mauthenga ofunsa za chikwama oposa 250 mbali iliyonse. Ndi anthu ochuluka chonchi, ngati kusiyanako kulipodi, mudzakuona maulendo 8 mwa 10 alionse. Werengani anthu pa mzere wa Reach, osati Impressions, chifukwa munthu mmodzi amatha kuona uthenga kangapo. Ngati bajeti yanu imafikira anthu atsopano pafupifupi 4,600 pa tsiku mbali iliyonse, mufunika masiku 14.

Ambiri akaona nambala imeneyi amagwa ulesi, ndipo ndi bwino kugwa ulesi pano musanawononge ndalama. Onani kuti d ali kumunsi ndipo akuchulukitsidwa ndi iye yemwe. Mukafuna kugwira kusiyana kocheperako ndi theka, anthu ofunika amachuluka kanayi. Mukangofuna kugwira kusiyana kwakukulu, monga kuchoka pa 4 kufika pa 6, anthu ofunika amatsika kufika pafupifupi 16,000. Choncho wa bajeti yochepa asavutike ndi kuyesa mtundu wa batani kapena liwu limodzi pa mutu. Ayese zinthu zimene zingasiyane kwambiri.

Masikuwo akhale masabata athunthu, 7 kapena 14 kapena 21. Anthu amene amakhala pa foni Lachiwiri m'mawa si omwewo amene amakhalapo Loweruka madzulo, ndipo chithunzi china chingawakomere a kumapeto kwa sabata. Meta nayonso imalangiza kuti A/B test ithe masiku osachepera 7, ndipo silola kupitirira 30.

Mayeso ayamba. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri, A wabweretsa mauthenga 30, B wabweretsa 48. Apa ndi pamene dzanja limayabwa. Pali njira yachangu yoonera ngati kusiyana kuli kwenikweni, malinga ngati mbali zonse zadya ndalama zofanana: phatikizani manambala awiriwo, dinani √ pa kakuleta, muchulukitse ndi 2. Kusiyana kukaposa yankholo, ndiye kuti nkovuta kuti kwangochitika mwamwayi. Apa 30 ndi 48 ndi 78, √78 ndi 8.8, kuchulukitsa ndi 2 ndi 17.7, ndipo kusiyana ndi 18. B wadutsa mzere. Bwanji osangozimitsa A nkupulumutsa ndalama za masiku 12 otsalawo?

Chifukwa chake ndi chakuti mzere umenewu unapangidwira kuweruza kamodzi kokha, pamapeto. Mukaweruza kamodzi, zithunzi ziwiri zofanana mphamvu zimakunamizani kuti china chapambana pafupifupi maulendo 5 mwa 100. Koma manambala amakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, makamaka akadali ochepa, ndipo mukamasuzumira tsiku lililonse nkumadikira tsiku limene wina adutse mzere kuti muime pomwepo, mukudzipatsa mipata yambiri yonamizidwa. Mu 1969 katswiri wa chiwerengero Peter Armitage ndi anzake awiri anawerengera zimenezi: kusuzumira kasanu kumakweza mwayi wonamizidwa kufika pafupifupi 14 mwa 100, kusuzumira kakhumi kumaufikitsa pafupifupi 19 mwa 100. Kuwonjezera apo, masiku oyambirira pulogalamu imakhala ikufufuzabe anthu oyenera kuwaonetsa. Mudzaona mawu akuti Learning pa mzere wa Delivery, ndipo Meta imati nthawi imeneyi imatha pakapezeka zotsatira pafupifupi 50. Manambala a masiku amenewa ndi osakhazikika kuposa ena onse.

Nchifukwa chake ine ndimalangiza kuti njira yoti mayeso athe okha wopambana akapezeka, ngati mwaipeza pokonza A/B test, muisiye yozimitsa. Ndalama zimene mukuganiza kuti mukutaya pa A sizikutayika zonse, chifukwa A nayenso akubweretsa makasitomala.

Kusuzumira pakokha sikoletsedwa. Tsegulani tsiku lililonse kuti muone ngati mbali zonse zikudya ndalama mofanana, ngati uthenga wina sunakanidwe, ngati batani likutsegula pamalo oyenera. Zifukwa zoimitsira msanga ndi zoterezi: mtengo walembedwa molakwika, linki yafa, zikwama zatha. Zikatero imitsani mbali zonse ziwiri, konzani, muyambirenso kuwerenga kuchokera pa ziro. Musakonze mawu kapena kukweza bajeti ya mbali imodzi mayeso ali mkati, chifukwa kusintha kwakukulu kumabwezera mbaliyo ku Learning pamene inzake yakhazikika kale. Yankhaninso mauthenga a mbali zonse mofanana, poti pambuyo pake mudzafuna kuona kuti ndi angati anagula.

Tsiku la 14 lakwana. A ali ndi mauthenga 262, B ali ndi 281. Kuphatikiza ndi 543, √543 ndi 23.3, kuchulukitsa ndi 2 ndi 46.6, koma kusiyana ndi 19 kokha. Chotsani manambala a masiku awiri oyamba aja, muona kuti pa masiku 12 otsatirawo A anabweretsa 232, B anabweretsa 233. Mukanaima tsiku lachiwiri, bwenzi mukukhulupirira kuti chithunzi cha mwana chimaposa chinacho ndi 60 peresenti.

Zotsatira zoterezi sizikutanthauza kuti zithunzizo nzofanana ndendende. Zikutanthauza kuti kusiyana kwakukulu kumene munkafuna sikunaoneke, ndipo ngati kulipo, mwina nkochepa moti bajeti yanu singakugwire. Musawonjezere masiku atatu kuti mwina B atulukire, chifukwa kumeneko ndi kusuzumira komwe kuja. Sankhani chithunzi chosavuta ndi chotsika mtengo kupanga, kapena onani mbali imene anthu ake anaguladi zikwama, podziwa kuti manambala a ogula ndi ochepa kwambiri ndipo sangaweruze okha. Lembani funso, masiku, ndalama ndi manambala onse pamalo amodzi. Mayeso otsatira akhale pa chinthu china, monga kulemba mtengo pa chithunzi kapena kusaulemba, chithunzicho chili chimodzimodzi mbali zonse.